Makalata a wogula thonje akumathera mu Spam, ndithandizeni

Akuluakulu, ndine mlembi wa gulu la alimi a thonje kuno ku Ngabu. Maimelo a kampani imene timaigulitsa thonje akumalowa mu Spam, ndipo ndikuda nkhawa chifukwa za m'menemo zimafufutika zokha pakatha masiku 30.

Timagwiritsa ntchito Gmail. Kalata iliyonse ndikaipeza ndimadina Not spam kuti ibwerere ku Inbox komanso kuti sefa iphunzire. Adilesi yawonso ndinaisunga mu Contacts. Makalata wamba ayamba kufika bwino, koma okhala ndi mitengo akusocherabe.

Ku Nchalo mnzanga wina ananditsegulira imodzi pakompyuta, n'kudina Show original. Pa mayeso otsimikizira wotumiza kalata tinapeza SPF: PASS koma DKIM: FAIL. Iye akuti siginecha ya kalatayo sikutsimikizika, ndiye okonza ndi otumizawo, osati ife. Kodi n'zoona?

Chinanso, ndikufuna kupanga lamulo la filter mu Gmail pa adilesi yawo n'kusankha Never send it to Spam. Koma wakuba akanamizira adilesi yomweyo n'kutiuza kuti tilipire ndalama za mbewu ku akaunti ina, kalata yakeyo sidzangolowanso ku Inbox? Amene munayesapo, mundilangize, ndalamazi ndi za anthu ambiri.