Funso la mapulotini: tichonge atatu kapena anayi?

Mayi Nkhoma: Aphunzitsi anzanga, tigwirizane kaye tisanayambe kuchonga. Funso lapereka DNA iyi kuti ana afotokoze mmene pulotini imapangidwira:

```
TAC GGA CTT ATT
```

Ena apeza ma amino asidi atatu, ena anayi. Olondola ndani?

A Gondwe: Atatu, mayi. Yankho liyambire mu nyukiliyasi. RNA polimareji imamatirira pa jini n'kulekanitsa zingwe ziwiri za DNA pamalo pomwepo. Chingwe chimodzi chokha ndicho chikombole. Pamene pali T pamabwera A, pa G pamabwera C, pa C pamabwera G, koma pa A pamabwera U, chifukwa mu RNA mulibe T. Transikiripishoni ndi imeneyo. Kenako mRNA, yomwe ndi RNA yapangidwayo, imatulukira pa timabowo ta nyukiliyasi n'kukakhala pa raibosomu, pomwe imawerengedwa zilembo zitatuzitatu, zotchedwa kodoni.

```
DNA   3' TAC GGA CTT ATT 5'
mRNA  5' AUG CCU GAA UAA 3'
         Met Pro Glu STOP
```

Wonyamula ma amino asidi ndi tRNA: ya antikodoni UAC imabweretsa methiyonini pa AUG. Yachiwiri ikafika ndi prolini, raibosomu imalumikiza awiriwo ndi bondi ya pepitayidi n'kusunthira kodoni yotsatira, tRNA yoyamba n'kuchoka yopanda katundu. Pa UAA palibe tRNA yofikapo, tcheni chimamasuka. Transileshoni ndi imeneyo. Ma amino asidi atatu, mabondi awiri.

A Mbewe: Mwaiwala helikezi ndi DNA polimareji. Mwana wosatchula zimenezo amanidwe malikisi.

A Gondwe: Ayi bwana, zimenezo n'za pamene DNA ikudzikopera selo isanagawikane. Wolemba DNA polimareji pano walakwa ndithu.

Mayi Chirwa: Ambiri a anayiwo angowerenga makodoni, 12 kugawa ndi 3, UAA n'kuyiyesa amino asidi. Amenewo alakwa. Koma taonaninso funsolo: silikunena kuti chingwechi ndi chikombole, ndipo palibe 3' kapena 5'. Mwana wochitenga ngati chingwe chinacho angosintha T kukhala U:

```
UAC GGA CUU AUU
Tyr Gly Leu Ile
```

Anayi enieni, popanda kodoni yoimitsa. Tiwasiyanitsa poona mzere wa mRNA: wa kodoni yomaliza UAA koma n'kulemba anayi sanamvetse, wa AUU watsata njira yake bwinobwino.

A Gondwe: TAC koyambirira ndi chizindikiro chokwanira. Yemwe akudziwa kuti raibosomu imayambira pa AUG akanazindikira.

Mayi Chirwa: Chizindikiro si malangizo, a Gondwe. Wolakwa ndi wokonza funso. Ine ndingampatse malikisi a transileshoni, ndim'mane imodzi yokha ya mRNA.

Mayi Nkhoma: Mapepala a AUU ndawapatula, alipo 7. Nanga wolemba helikezi m'malo mwa RNA polimareji, koma zina zonse wakhoza, timuchotsere ingati?