Funso la kesi sitade: masamba atatu koma malikisi 7 pa 20

Nankhoma, Kasungu: Akuluakulu ndithandizeni, mayeso a dipuloma ya bizinesi ayandikira ndipo mtima suli m'malo. Pa mayeso oyeserera anatipatsa nkhani ya kopaletivu ya ku Mchinji yopanga chiponde. Botolo amagulitsa K2,500, ndipo mtedza, botolo, mchere ndi magetsi a botolo limodzi zimadya K1,700. Lendi ndi malipiro ndi K1,200,000 pa mwezi. Kale ankagulitsa mabotolo 2,600 pa mwezi, koma m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi atsika kufika 2,000. Makina awo sapyola 2,800. Nkhani ikutinso pali kampani ina yomwe yakhala ikugulitsa pa K2,200 kwa zaka ziwiri, masitolo amalipira patatha masiku 60, malipiro akuchedwa, okazinga mtedza awiri anasiya ntchito, ndipo masitolo akubweza mabotolo ati chiponde chikuwawa. Funso linali loti tiweruze ngati kopaletivuyo itsitse mtengo kufika K2,200. Ndinalemba SWOT yonse, masamba atatu, koma andipatsa 7 pa 20. Ndalakwa pati?

Gama: SWOT siyolakwika achemwali, kesi sitade iliyonse imayambira pamenepo. Mwina munaiwala kuonjezera PESTLE. Ochonga amafuna aone kuti mathiyole mukuwadziwa, ndiye muzilemba ambiri.

A Phiri a ku Kamwendo: A Gama, pa SWOT mwakhoza theka. Ndi yabwino pa pepala lokonzekera, kwa mphindi zitatu, posanja maganizo. Koma mukaikopera mu yankho mwangobwezera wochonga nkhani yomwe iye ali nayo kale, ndipo malikisi a kutchula mavuto ndi ochepa. Funso silinati tchulani mavuto, lati weruzani za mtengo.

A Nankhoma, yambani ndi kusiyanitsa chizindikiro ndi gwero. Kutsika kwa malonda ndi chizindikiro chabe, ngati kutentha thupi. Gwero mumalipeza poyang'ana nthawi. Kampani ya K2,200 ija yakhalapo zaka ziwiri, ndipo nthawi yonseyo kopaletivu inkagulitsa 2,600 bwinobwino. Malonda agwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndiye chasintha m'miyezi imeneyi n'chiyani? Lumikizani motere: masitolo akuchedwa kulipira, ndalama za malipiro zikusowa, okazinga odziwa ntchito achoka, mtedza ukupserera, chiponde chikuwawa, masitolo akubweza. Ndime imodzi yokha yolumikiza chonchi iposa masamba anu atatu aja, chifukwa yaonetsa kuti mtengo wa mnzawo uja anauika dala m'nkhanimo kuti ukusocheretseni.

Mayi Tembo: Mwana wanga, auzeni a kopaletivuwo asatsitse mtengo. Mtedza azigula nthawi yokolola ukatchipa, asunge pouma kuti usachite chuku. Ife kuno ku Santhe timatero. Ali mbali iti ya Mchinji anthuwa?

Nankhoma, Kasungu: Zikomo amayi, koma si kopaletivu yeniyeni, ndi nkhani ya pa pepala la mayeso. A Phiri, apo ndamva. Nanga thiyole ndiilowetse pati? Aphunzitsi analemba m'mbali kuti thiyole yaima payokha.

A Phiri a ku Kamwendo: Akutanthauza kuti munafotokoza thiyole ngati mmene ilili m'buku, osaigwiritsa ntchito pa chiponde. Muziyesa motere: phimbani dzina la kopaletivu ndi chala. Ngati ndimeyo ingakwanenso pa nkhani ya minibasi kapena ya chigayo, ndiye kuti simunagwire nkhani yomwe mwapatsidwa.

Pa funso la mtengo, chida choyamba ndi buleki iveni. Manambala onse aja sanawaike kuti akongoletse pepala. Panopa botolo lililonse limatsala ndi K800, kuchotsa K1,700 pa K2,500. Gawani K1,200,000 ndi 800, mupeza mabotolo 1,500 oti abweze ndalama zonse. Pa 2,000 phindu ndi K400,000. Mtengo ukatsika kufika K2,200, botolo litsala ndi K500 yokha, ndipo buleki iveni ikwera kufika 2,400. Kuti apezenso K400,000 yomwe ija afunika 3,200, pomwe makina amathera pa 2,800. Ngakhale atagulitsa botolo lililonse lomwe makina angatulutse, phindu lingokhala K200,000. Onani kuti mtengo watsika ndi 12 peresenti yokha, koma malonda akufunika kukwera ndi 60 peresenti. Chiganizo chimenechi chilembeni m'mawu pansi pa masamu, musasiye manambala okha kuti wochonga adzimasulire.

Kenako thiyole ya Porter, m'ziganizo ziwiri basi. Iye amati bizinesi isankhe kupambana ndi kutchipa kapena ndi ubwino wa katundu. Kopaletivu ya makina a mabotolo 2,800 singalimbane pa kutchipa, mphamvu yake inali kukoma, ndipo ndi komwe kwaonongeka. Mbiri ya Porter musalembe.

Gama: Koma apa mwaweruza kale a Phiri. Masamu akana, nkhani yatha. Chotsala n'chiyani?

Mayi Zulu, Mchinji boma: Chotsala ndi mbali inayo, a Gama, ndipo malikisi apamwamba amabisala kumeneko. Kuweruza ndi kuika mbali ziwiri pa sikelo, kenako kunena yomwe yalemera ndi chifukwa chake. Wofuna kutsitsa mtengo ali ndi mfundo zake. Makina ali ndi mpata wa mabotolo 800 omwe sakupangidwa, ndipo botolo lotsala ndi K500 liposa botolo losapangidwa. Masitolo omwe anakhumudwa mwina sangabwerere popanda chowakopa. Zimenezi zilembedwe mwachilungamo, kenako muziyankhe: K300 ija akuitaya pa mabotolo onse, kuphatikizapo 2,000 omwe anthu akugula kale pa K2,500, ndiye K600,000 yapita asanapeze kasitomala watsopano ngakhale m'modzi.

Muonetsenso pomwe masamu anu akutsimphina. Buleki iveni ikutenga K1,700 ngati yosasintha, pomwe mtedza umakwera mtengo tikatalikira nthawi yokolola. Mayi Tembo aja anakhudza mfundo yoona ngakhale funso analimva mwina. Mtedza ukakwera ndi K200 pa botolo, K500 ija isanduka K300, ndipo buleki iveni ifika 4,000.

Chigamulo chizimveka motere: asatsitse mtengo panopa, ayambe akakamiza masitolo kulipira m'masiku 30, alipire antchito pa nthawi, abweze okazinga, malonda akabwerera pa mabotolo 2,600 phindu ndi K880,000. Kukoma kukabwerera koma malonda osakwera patatha miyezi itatu, apo ndiye mtengo uunikidwenso. Kungolemba kuti zitengera mmene zinthu zilili, osanena zitengera chiyani, si chigamulo.

A Phiri a ku Kamwendo: Za nthawi: ngati pepala lanu ndi la maola atatu pa malikisi 100, funso la 20 lili ndi mphindi 36. Zisanu ndi imodzi werengani ndi kusanja, ndipo funso muliwerenge nkhani isanawerengedwe. Khumi zomaliza zisungireni mbali inayo ndi chigamulo. Ine ndimati chigamulo chilembedwe m'chiganizo choyamba, kuti nthawi ikakutherani chikhale chilipo kale.

Mayi Zulu, Mchinji boma: Apo sindikugwirizana nanu a Phiri. Wophunzira akagamula koyambirira amangoteteza zomwe wanena, mbali inayo n'kuiiwala. Chikhale kumapeto, pokhapokha funso litati alembe ngati lipoti lopita kwa mabwana.

Nankhoma, Kasungu: Zikomo nonse. Pa chigamulopo ndikafunsa aphunzitsi kuti malangizo a ochonga mayeso athu amati chiyani. Ndilembanso yankholi usiku uno ndi wotchi patebulo, mphindi 36. A Phiri ndi Mayi Zulu, ndikalijambula n'kuliika pano mawa, mundionereko ndime ya mbali inayo?