Malembo achepa m'kabuku ka ana a Sitandade 1

Wa pa Kamuzu Road: Akuluakulu ndithandizeni. Aphunzitsi ena anandipatsa tinthano kuti ndiwapangire kabuku ka ana a Sitandade 1, ndinatayipa mu Word pa A4 sayizi 20, pa kompyuta zimaoneka bhobho, koma nditaprinta ngati kabuku kopinda pakati malembo atuluka ang'onoang'ono, mayiwo akana kulandira ndipo mapepala ndaononga kale 40.

Wa ku Dwangwa: Ikani bold basi achimwene, ana amaona bwino zakuda.

Madala a ku Nkhotakota: Bold siithetsa zimenezo, ikachuluka timabowo ta a ndi e timatsekeka makamaka tona ikamamwaza. Chachitika n'choti tsamba la A4 mukaliuza kuti lilowe pa theka la pepala, makina amalichepetsa kufika pa 71 peresenti, ndiye 20 wanu uja watuluka ngati 14. Yambani ndi tsamba la A5 lenilenilo, kapena mu Word pa Multiple pages sankhani Book fold, mukatero 22 amatuluka 22. Mizere musaisiye pa Single, ine pa 22 ndimaika Exactly 30 pt kuti mchira wa g ndi y usamagunde mutu wa mzere wapansi, mwanatu amawerenga akulozera ndi chala, chalacho chipeze podutsa.

Wa pa Kamuzu Road: Zikomo madala, ndayesa tsamba limodzi, zasinthadi. Koma tsopano mzere ukungolowa mawu anayi, pena atatu, ndipo pakati pa mawu pakutsala mipata ikuluikulu ngati mano aguluka.

Madala a ku Nkhotakota: Ndi Justify ameneyo, mchotseni. Mawu athu ndi aatali, taonani "anakakumana", ndiye kompyuta ikamakakamiza kuti mbali zonse zifanane imangotambasula mipata. Yambirani kumanzere, kumanja kuthere pomwe kwathera. Mawu anayi pa mzere si vuto kwa mwana, chachikulu musadule liwu pakati, ndipo mzere muziudula nokha pomwe munthu angapumire.

Aphunzitsi a ku Senga Bay: Ine si wosindikiza koma ndimaona m'kalasi. Muonenso chilembo cha a mu foniti yanuyo. Pa bolodi timalemba a wozungulira wokhala ndi kandodo, ndiye mwana akapeza a wa Arial wa kadenga uja amaima, ena amangoti chete. L wamng'ono ndi I wamkulu amafanananso mu Arial.

Wa ku Dwangwa: Ndiye Comic Sans, ali ndi a wa pa bolodi ndipo ali kale mu kompyuta.

Madala a ku Nkhotakota: Angathe. Ine ndimakonda Andika, anaipangira ophunzira kuwerenga ndipo ndi yaulere, kungoti muzisevera PDF, apo ayi pa kompyuta ina foniti imasintha mizere yonse n'kusokonekera. Masamba achuluka tsopano, muwerenge kuti azigawika ndi 4.

Wa pa Kamuzu Road: Afika 18, ndiye ndiwonjezere awiri kapena nditsitse sayizi ya malembo kuchoka pa 22 kufika pa 20 kuti akwane 16? Mtengo tinagwirizana kale ndi mayiwo.

Aphunzitsi a ku Senga Bay: Musatsitse chonde. Printani tsamba limodzi pa 20, lina pa 22, mawa ndikudutsa pa Kamuzu Road ndiwatenga ndikawapatse ana anga Lolemba.