Matiki ndi kawotchi pa sikirinishoti: ndimulembere kalata yochenjeza kapena ayi?

Kalaliki: Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Supavaiza wandipatsa sikirinishoti ya WhatsApp akuti anamuuza mlonda kuti shifiti yasintha koma sanabwere. Mameseji ndi atatu. Woyamba matiki awiri otuwa, wachiwiri tiki imodzi, wachitatu, womwe uli ndi nkhani ya shifitiyo, uli ndi kawotchi. Bwana akufuna kalata yochenjeza lero lomwe. Mlondayo akulumbira kuti sanaone kanthu.

Mayi wa Malipiro: Musalembe kaye. Kawotchi ndiye kuti panthawi yomwe ankajambulayo uthengawo unali usanatuluke n'komwe mufoni ya supavaizayo, mwina data inatha kapena netiweki inathawa. Tiki imodzi unachoka n'kukafika pa seva, koma pafoni ya mlonda usanalowe. Pamenepa womwe mungati unafika ndi woyamba uja basi.

Wakale Pantchito: Matiki awiri ndiye kuti anawerenga. Anthuwa ndimawadziwa, amathimitsa Read receipts dala kuti asasanduke buluu.

Mayi wa Malipiro: Mwina anathimitsadi, bambo, koma awiri otuwa sasiyanitsa amene wathimitsa ndi amene sanatsegule. Ndipo matiki awiriwo ali pa uthenga wina, osati wa shifiti.

Wa Sitolo: Kawotchi si kaja ka mameseji ozimiririka okha?

Mayi wa Malipiro: Ayi, kameneko kamakhala pa chithunzi cha munthu pamwamba. Akunena apa ndi kamene kakhala pamalo pa tiki, pafupi ndi nthawi.

Sekilitale: Ife zinativuta pa gulupu. Ndinatumiza za msonkhano, tiki imodzi tsiku lonse, bwana n'kundikalipira kuti sindinauze anthu. Chonsecho onse anali atawerenga kupatula mmodzi amene foni inagwera m'madzi. Pa gulupu tiki yachiwiri imadikira aliyense alandire, buluu imadikira aliyense awerenge.

Wakale Pantchito: Ine ndikubwereza, anawerenga. Meseji ikatulukira pamwamba pa sikirini munthu amawerenga osatsegula, matiki osasintha.

Sekilitale: Zimenezo n'zoona, koma awerenga bwanji pamwamba uthenga umene sunachoke kwa mwini wake? A Kalaliki, chenjerani ndi nthawi yolembedwa pambaliyo, imanena za kutumiza, osati kulandira. Komanso sikirinishoti imangogwira mmene zinalili nthawi yomweyo, mwina uthengawo unapita pambuyo pake shifiti itayamba kale. Muitanitse foni yeniyeniyo ya supavaizayo, adinikize uthengawo n'kutsegula Info. Mukaona nthawi ya Delivered, ndi ya Read ngati ilipo.

Wa Sitolo: Tiki imodzi yosasuntha masiku ambiri mwinanso mlonda anamubuloka supavaizayo. Kapena foni ndi yothima chabe, zimaoneka chimodzimodzi. Ndipo mutsimikize kuti ndi WhatsApp, chifukwa pa Telegram matiki awiri ndiye kuti watsegula.

Wakale Pantchito: Mwaona? Matiki awiri, anawerenga.

Kalaliki: Ndi WhatsApp, bambo. Supavaiza akuti foni waiiwala kunyumba, bwana akundiitananso.