Ndithandizeni kukonza uthenga wa makasitomala a saluni

Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kasaluni kuno ku Ndirande, ndimaluka tsitsi ndi kutsuka basi, ndiye ndikufuna kasitomala akandibweretsera mnzake ndizimuthokoza pomuchotsera kenakake. Uthenga woti nditumize pa WhatsApp ndalemba chonchi:

"Asisi, zikomo polukitsa kwathu. Mukabwera ndi mnzanu amene sanalukitseko kuno, ulendo wotsatira ndikuchotserani K2,000, nayenso ndimuchotsera K1,000 tsiku lomwelo. Angotchula dzina lanu pofika."

Nditawawerengera mayi ena omwe ndi kasitomala wanga wakalekale anandifunsa kuti nanga ndikabwera nawo atatu ndi K6,000? Ndinangoti kakasi, chifukatu malukidwe ena ndimatchaja K8,000 ndiye mukachotsapo 6 ija kwatsala chani, mesh agula okha inde koma mtsikana wondithandiza ndimulipire, magetsi, lendi. Ndiike malire oti awiri pamwezi, kapena ndizichotsa K2,000 ulendo uliwonse mpaka zithe? Nanga ndilembe bwanji kuti zisamveke ngati ndikuumira?

China, mawu oti "mnzanu" akundivuta. Wina abwera ndi mwana wake kudzangotsukitsa tsitsi la K1,500 nkumati ndabweretsa munthu. Ndimafuna ndiwonjezere kuti "akalukitsa ndi kulipira" koma ndikuwopa uthenga utalika, komanso umveka ngati wa kubanki, pomwe anthuwa timacheza ngati pachibale.

Amene munayesapo izi kusaluni kapena kokumeta, munalemba mawu otani? Ndipo mumangolemba mayina mu kope kapena mumapereka kakhadi?