Ndithandizeni kusankha foni yosewerera PUBG

Abale anga, ndili ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndalama imene ndasunga ikukwanira foni imodzi yokha yotsika mtengo. Cholinga changa ndi kusewera PUBG Mobile ndi eFootball madzulo ndikaweruka.

Dzulo ndinazungulira mashopu a ku Area 2 ndipo ndatsala ndi mafoni awiri. Yoyamba ili ndi purosesa ya Helio G99, RAM ya 6GB, malo osungira zinthu 128GB a mtundu wa UFS 2.2, ndi sikirini ya 90Hz. Yachiwiri ndi ya Helio G85, malo 256GB koma a eMMC, sikirininso 90Hz, ndipo pa katoni alemba RAM ya 16GB. Nditawerenga timalemba tating'ono ndinapeza kuti yeniyeni ndi 8GB, inayo amangobwereka ku malo osungira zinthu. Wogulitsa anakakamira yachiwiriyi, koma ine mtima uli pa G99 chifukwa ndi ya 6nm pamene G85 ndi ya 12nm, ndiye siyenera kutentha msanga. Kutentha kwa mu Okutobala kuno mukukudziwa.

Chikundizunguza ndi ichi: kodi 6GB ikwanira PUBG osatseka WhatsApp? Nanga 90Hz ili ndi phindu lanji ngati masewerawo akuthamanga pa mafulemu 40 okha pa sekondi? Amene muli ndi G99, mukasewera ola lathunthu imayamba kudodoma, kapena imapirira? Ndikufuna kukagula Loweruka.