Za mipando 40 imene inafika ili 36

Mlembi: Amayi ndi abambo, ndalemba kuno chifukwa Loweruka tinabalalika tisanamvane. M'buku la zokambirana munalembedwa kuti sabata yoyamba ya Juni gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama linavomereza kutulutsa K620,000, ndipo K600,000 inali ya mipando yapulasitiki 40 yobwereketsa pa maukwati ndi pa maliro, pa mtengo wa K15,000 umodzi, pamene K20,000 inali ya galimoto yonyamula kuchoka m'tauni kufika kuno ku Chibavi. Mipando imene ili kwa apampando ndi 36, ndipo m'bokosi simunabwerere ndalama iliyonse.

Amake Chisomo: Popeza amene akunenedwa ndine, ndiloleni ndifotokoze. Nditafika pa shopu ija anandiuza kuti mtengo wakwera kufika pa K16,500. Ndinawerengera ndipo ndinaona kuti ndalama ikukwana mipando 36, imene inadya K594,000. Wagalimoto anakana K20,000 ponena kuti mafuta akusowa, tinagwirizana K26,000, ndiye K6,000 yotsala ija inathera pamenepo. Ine sindinadye tambala ya munthu, ndipo zikundipweteka kuti ena akundinena kumbali ngati wakuba.

Amake Tadala: Vuto ndi lakuti sitinatenge makotesheni atatu. Tikanafunsa mashopu atatu, ngakhale ku msika wa Taifa, zonsezi sizikanachitika.

Mlembi: Makotesheni atatu analipo, amake Tadala, ndipo ndikuwasunga ine. Tinasankha wotsika mtengo.

Bambo a Yamikani: Ine ndinagwira ntchito yolandira ndi kutulutsa katundu pa kampani ina ku Luwinga kwa zaka zambiri, choncho ndikupempha kuti tiyende ndi ndalamayi pang'onopang'ono kuyambira pamene inapemphedwa mpaka pamene inalipidwa, tione pamene inadutsa popanda woiyang'ana. Poyambira tinachita bwino: pempho linabwera pa msonkhano, linalembedwa, anthu anakweza manja. Koma tizindikire chimene tinavomereza. Sitinavomereze kuti K600,000 ipite kukagula mipando imene ingakwanire ayi. Tinavomereza mipando 40 pa K15,000. Mtengo utasintha, chilolezo chathu chinathera pomwepo, ndipo wotumidwa analibe mphamvu yosankha yekha kuti agule 36 kapena abwerere ndi ndalama.

Amake Tadala akunena zoona kuti makotesheni amateteza, koma amateteza pa kusankha shopu basi. Alembi, taonani m'munsi mwa pepala limene tinasankhalo, kawirikawiri amalemba masiku amene mtengowo ugwire ntchito.

Mlembi: Ndaona. Palembedwa kuti mtengo ndi wa masiku 7, ndipo ife tinatsegula bokosi patatha masabata atatu chifukwa mmodzi wa osunga makiyi anali ku maliro ku Rumphi.

Bambo a Yamikani: Ndiye kuti pamene maloko atatu a bokosi lija ankatsegulidwa, pepala limene tinkadalira linali litatha kale ntchito. Apa ndi pamene panafunika munthu woimba foni ku shopu tsiku lomwelo, ndalama isanawerengedwe, kufunsa ngati mtengo udakali womwewo. Kulakwa kumeneku si kwa amake Chisomo okha, ndi kwa tonse amene tinakhala pansi n'kuona ndalama ikutuluka.

Msungichuma: Ine ndinapereka ndalama pamaso pa gulu, owerenga ndalama awiri anawerenga, ndipo amake Chisomo anasayina m'buku. Sindikuona pamene ndinalakwa.

Bambo a Yamikani: Pa kutulutsa simunalakwe, mayi. Koma siginecha imeneyo ikungosonyeza kuti ndalama yachoka m'bokosi kupita m'manja mwa membala, sikusonyeza kuti katundu wagulidwa. Mpaka wotumidwa atabweretsa lisiti ndi chenji, ndalamayo imayenera kukhala m'buku ngati ngongole yake. Kumene ndinkagwira ntchito, wolipira sankatulutsa ndalama asanaike mapepala atatu pa tebulo limodzi: oda yosonyeza zimene tinaitanitsa, pepala limene wolandira katundu wasayina atawerenga yekha, ndi invoisi ya wogulitsa. Chiwerengero ndi mtengo zikasiyana pa pepala limodzi lokha, malipiro ankaima. Ndipo wogula sankaloledwa kukhala wolandira, chifukwa munthu sangadziwerengere yekha katundu n'kudzichitira umboni. Kwa ife munthu mmodzi ananyamula ndalama, anakambirana mtengo, analipira, anapeza galimoto, n'kutsitsa mipando madzulo kulibe wowerenga. Kuchepa kwa mipando kunadziwika patatha masiku asanu, ana akuisanja pabwalo.

Amake Favour: Inenso mu Meyi ndinapempha ngongole ya K80,000 ndipo munandiuza kuti m'bokosi mulibe ndalama, koma ya mipando inapezeka. Kodi malamulo amenewa amagwira anthu ena okha?

Wapampando: Amake Favour, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo tidzalimva Loweruka, koma ndalama ya mipando inachokera ku thumba la bizinesi, osati ku masheya obwereketsa. Tiyeni tikhale pa nkhani imodzi.

Amake Tadala: Bambo a Yamikani, za kukampani nzabwino, koma shopu ya m'tauni siingatipatse mipando kuti tikawerengere kunyumba kenako tidzalipire. Amafuna ndalama kaye.

Bambo a Yamikani: Pamenepo mwanena zoona, ndipo sindikutsutsa. Ife sitingalandire katundu pa ngongole, choncho kuwerenga kuyenera kusamukira ku shopu komweko. Apite anthu awiri, wina wokambirana mtengo, wina wonyamula pepala losayinidwa ndi apampando ndi alembi lonena chiwerengero ndi mtengo. Wachiwiriyo awerenge mipando isanakwere galimoto, aone ngati ilibe ming'alu m'miyendo, kenako aimbire msungichuma kuti atumize ndalama ku nambala ya shopu pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni wa amene walandira. Kutumiza kuli ndi mtengo wake, ndipo uyenera kulowa m'pempho kuyambira pachiyambi. Tsopano amake Chisomo, lisiti imene munapatsidwa ikuti chiyani?

Amake Chisomo: Ndi yolemba pamanja, ili ndi chidindo cha shopu. Palembedwa kuti mipando, K594,000.

Bambo a Yamikani: Vuto lake ndi lakuti sikunena chiwerengero ngakhale mtengo wa umodzi. Masamu anu akugwirizana, 36 kuchulukitsa ndi K16,500 ikukwanadi K594,000, ndipo ine ndikukhulupirira mawu anu. Koma pepalalo palokha silingakutetezeni, chifukwa munthu wina angathe kunena kuti ndalama yomweyo pa mtengo wakale ikanagula mipando 39. Shopu yolembetsedwa pa msonkho wa VAT imayenera kupereka lisiti ya makina yovomerezeka ndi MRA, ndipo kaya ali nayo kaya alibe, tiwapemphe atilembere chiwerengero ndi mtengo. Ya galimoto ndiye yovuta kwambiri, popeza K26,000 ilibe pepala lililonse.

Msungichuma: Maganizo anga ndi akuti K6,000 yopitirira pa zimene tinavomereza za galimoto ibwezedwe, chifukwa palibe amene anailoleza.

Amake Tadala: Ine ndikukana. Mayiyu anasiya geni yake tsiku lonse chifukwa cha gulu, ndipo lamulo loti aimbe foni mtengo ukasintha sitinamupatse. Sitingamulange ndi lamulo limene tikulipanga lero.

Wapampando: Lachiwiri m'mawa alembi ndi amake Tadala apite ku shopu ndi kotesheni yakale pamodzi ndi lisiti, akafunse mtengo wa tsiku limenelo ndipo awalembere. Amake Chisomo, ngati nambala ya wagalimoto muli nayo, ipatseni alembi. Za K6,000 tidzavota Loweruka. Komanso tisaiwale kuti a ukwati wa ku Zolozolo analipira kale mipando 40, ndiye wina andiuze kumene tikabwereke inayi yotsalayo ndi thumba limene lilipire.